404 KAPENA 500: KUDZIWA KUMENE KULI VUTO TSAMBA LA PA INTANETI LIKAKANA KUTSEGUKA

Masiku ano zinthu zambiri zimene kale tinkaziyendera ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe zikuchitikira pa lamya ya m'manja. Kholo la ku Bolero limafuna fomu ya sukulu ya mwana, mnyamata wa ku Hewe amafuna kuona ngati dzina lake latuluka pa mndandanda wa osankhidwa, mphunzitsi wa ku Livingstonia amafuna kutumiza kalata yofunsira ntchito. Koma kawirikawiri, m'malo mwa chimene munthu akufuna, pamatuluka tsamba loyera lokhala ndi nambala ya manambala atatu ndi mawu ochepa a Chingerezi. Ambiri amangoti "netiweki yavuta" n'kuyamba kubwerezabwereza mpaka bandulo itatha. Ena amataya mtima pamene chinthucho chinali pafupi. Nambala ija sibwera mwangozi: imatiuza mbali imene kuli vuto, ndipo munthu woidziwa amapulumutsa ndalama ndi nthawi.

Amene akuyankha ndani?

Tsamba lililonse la pa intaneti limasungidwa pa kompyuta ina yake yakutali yotchedwa seva. Mukalemba adiresi kapena kudina linki, pulogalamu yotsegulira masamba ya mu foni yanu, monga Chrome kapena Opera, imatumiza pempho kwa sevayo. Seva imayankha, ndipo yankho lililonse limayamba ndi nambala. Zonse zikayenda bwino nambalayo imakhala 200, koma inu simuiona chifukwa tsamba limangotseguka. Dongosolo la manambalali linalembedwa m'malamulo a HTTP a mu 1996, ndipo likugwirabe ntchito m'malamulo amene anakonzedwanso mu 2022.

Tiyerekeze ndi ofesi. Mwachoka kumudzi, mwafika pa boma la Rumphi, mwalowa mu ofesi ndipo mwapempha kalaliki kuti akupatseni failo. Kalaliki angathe kuyang'ana m'kabati n'kunena kuti, "Failo ya dzina limenelo kuno kulibe." Angathenso kunena kuti, "Pepani, failo yanu mwina ilipo, koma loko wa kabati wawonongeka, sindingathe kukuthandizani tsopano." Mayankho onse awiri ndi okhumudwitsa, koma ndi osiyana kwambiri. Pa yankho loyamba, kukhala pa benchi mpaka madzulo sikungathandize; muyenera kuonanso dzina la failo limene mwatchula. Pa yankho lachiwiri, kusintha dzina la failo n'kopanda phindu. Muyenera kudikira kuti loko akonzedwe.

Lamulo lake ndi lomweli: yang'anani nambala yoyambirira. Ikakhala 4, seva ikunena kuti vuto lili pa pempho limene yalandira. Ikakhala 5, seva ikuvomera kuti yalephera ndi iyoyo.

Tanthauzo la 404

Mawu akuti `404 Not Found` ndi yankho loyamba lija la kalaliki. Chinthu chofunika kuchimvetsa n'chakuti 404 ndi umboni woti netiweki yanu ili bwino. Pempho lanu lachoka mu foni, lafika kwa seva, ndipo seva yayankha. Choncho kukwera pa chulu kukasaka netiweki kapena kugula bandulo ina sikusintha kanthu.

Zimene zimabweretsa 404 ndi zitatu makamaka. Choyamba ndi kulakwitsa polemba adiresi. Chilembo chimodzi chikasowa, seva siganizira chimene mumafuna kunena. Ndipo pa maseva ambiri chilembo chachikulu ndi chaching'ono zimawerengedwa ngati zosiyana, kotero kuti `Fomu.pdf` ndi `fomu.pdf` ndi mafailo awiri. Chachiwiri ndi linki yoduka, imene wina anaikopera mosamaliza asanaitumize. Chachitatu si cholakwa chanu konse: eni tsamba anasamutsa kapena kuchotsa chinthucho, koma linki yakale ikuyendabe m'manja mwa anthu. Dziwaninso kuti 404 sinena ngati chinthucho chinachotsedweratu kapena chidzabwerera. Seva imene ikufuna kunena kuti chinachotsedwa mwadala ndipo sichibweranso imayankha `410 Gone`.

Tanthauzo la 500 ndi abale ake

Mawu akuti `500 Internal Server Error` amatanthauza kuti pulogalamu ya pa seva yakumana ndi vuto limene sinaliyembekezere. Adiresi yanu ingathe kukhala yolondola kotheratu. `503 Service Unavailable` imanena kuti seva yalemedwa ndi anthu ambiri kapena eni ake ayamba ayiimitsa kuti akonze zina. Imaoneka kwambiri pa tsiku lotuluka zotsatira za mayeso kapena tsiku lomaliza kulandira mafomu, pamene dziko lonse likugogoda pa khomo limodzi. `502 Bad Gateway` ndi `504 Gateway Timeout` zimabwera pamene pali makompyuta awiri: ya pakhomo imene imalandira alendo, ndi ya m'kati imene imagwira ntchito yeniyeni. Pa 502 ya m'kati yapereka yankho losamveka. Pa 504 yachedwa kuyankha mpaka ya pakhomo yatopa kudikira. Pa zonsezi mlendo alibe chimene angakonze.

Chitsanzo: fomu ya sukulu

Tiyerekeze kuti katekisiti wina wa ku Bolero walandira linki pa foni yoti atengerepo fomu ya sukulu ya mwana wake. Adiresi ya m'chitsanzo chino ndi yongophunzitsira:

```
https://www.example.org/mafomu/2025/kulowa-sukulu.pd
```

Atadina, patuluka 404. Nambala yayamba ndi 4, choncho ayambe ndi kuwerenga adiresi chilembo ndi chilembo. Kumapeto kwalembedwa `.pd`, pamene dzina la failo yotere limathera ndi `.pdf`. Linki inaduka. Awonjezere `f` n'kuyesanso. Chimodzimodzi akapeza mpumiro kapena chizindikiro china chimene chamatirira kumapeto kuchokera m'chiganizo cha uthenga, achichotse.

Tinene kuti 404 yabweranso. Tsopano adule adiresiyo kuyambira kumapeto, chigawo chimodzi pa nthawi imodzi, polekezera pa kamzere kopendeka:

```
https://www.example.org/mafomu/2025/
https://www.example.org/mafomu/
https://www.example.org/
```

Nthawi zina chigawo chapakati chimayankha `403 Forbidden`, kutanthauza kuti seva yamva pempho koma silola alendo kuona malo amenewo. Zimenezi zisamudetse nkhawa, apitirire kudula. Adiresi yomaliza ndi khomo lalikulu la tsambalo. Likatseguka, wadziwa kuti seva ili moyo ndipo fomu yangosamutsidwa. Ayifufuze pa mndandanda wa mitu kapena m'kabokosi kofufuzira. Ikapanda kuoneka, alembe mu Google motere, kuti afufuze m'tsamba lokhalo:

```
site:example.org fomu kulowa sukulu
```

Ngati chinthucho chinachotsedweratu, pali malo otchedwa Wayback Machine pa `web.archive.org`, amene anatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001 ndipo amasunga zithunzi za masamba akale. Sasunga masamba onse, ndipo chimene mungapezeko ndi chakale. N'chothandiza powerenga, koma fomu ya chaka chatha musaidzaze ngati ya chaka chino.

Katekisiti wathu wapeza fomu, ndipo tsiku lomaliza akufuna kuitumiza pa tsamba lomwelo. Tsopano patuluka 503. Apa kuwerenga zilembo n'kutaya nthawi. Ayesenso kamodzi pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, pakuti vuto lina limatha lokha. Likapitirira, aleke. Kudina kosalekeza kumawonjezera katundu pa seva yolemedwa kale, ndipo kumadya bandulo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: ayese usiku kapena m'mamawa, pamene anthu ambiri sali pa foni. Angathe kufunsanso mnzake wa pa netiweki ina kuti ayese. Onse awiri akaona nambala yomweyo, palibenso chokayikitsa kuti vuto lili kwa eni tsamba.

Chenjezo pa nkhani ya ndalama

Pano ndi pamene kusadziwa kumapweteka. Tinene kuti 500 kapena 504 yatuluka munthu atangodina batani lotumiza fomu kapena lolipira. Nambalayo ikunena kuti yankho silinabwere bwino. Sikunena kuti ntchito sinachitike. N'zotheka kuti kompyuta ya m'kati ija inalandira ndalama, n'kuchedwa kokha kupereka yankho. Wodinanso mwachangu angathe kulipira kawiri kapena kulembetsa dzina kawiri. Pulogalamu yotsegulira masamba imachenjeza za zimenezi ndi mawu monga `Confirm Form Resubmission`. Mukawaona musathamangire kuvomera. Yambani mwaona ngati kwabwera uthenga wa Airtel Money, TNM Mpamba kapena wa ku banki, ndiponso ngati ndalama zatsika. Ngati zatsika, sungani uthengawo ndi nambala yake ya umboni, ndipo musalipirenso mpaka mutalankhula ndi eni ake.

Pamene palibe nambala

Pali vuto lachitatu limene anthu amalisokoneza ndi awiriwa. Mukaona mawu monga `This site can't be reached` kapena `ERR_INTERNET_DISCONNECTED`, amene akulankhula si seva koma foni yanu yomwe. Simunafike n'komwe ku ofesi kuja. Zili ngati mlatho wakokoloka m'nyengo ya dzinja. Yesani kutsegula tsamba lina lodziwika. Nalonso likakana, onani bandulo ndi netiweki. Likatseguka, onaninso dzina la tsamba, ndiye kuti chigawo cha adiresi chimene chimabwera kamzere kopendeka kamodzi kasanafike, monga `www.example.org`. Kulakwitsa pamenepo kawirikawiri sikubweretsa 404, chifukwa palibe seva yoti iyankhe. Kumabweretsa mawu monga `DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN`. Nthawi zinanso kumakufikitsani pa tsamba la anthu ena lokhala ndi dzina lofanana, ndipo pamenepo musalembepo nambala yanu yachinsinsi.

Masamba ena amabisa nambala n'kungolemba mawu opepesa. Pamenepo werengani mawuwo: akanena za tsamba losapezeka, chitani za 404, akanena kuti china chalakwika kwa iwo kapena kuti muyesenso nthawi ina, chitani za 500.

Mukamadziwitsa eni tsamba

Vuto likatha tsiku lonse, kapena tsiku lomaliza likayandikira, dziwitsani eni ake. Kungonena kuti "tsamba lanu silikugwira ntchito" sikuwathandiza. Jambulani chimene chaoneka pa foni, ndipo muwauze zinthu zinayi: adiresi yonse, nambala imene yatuluka, tsiku ndi nthawi yake, ndi chimene munadina vutolo lisanabwere. Seva imalemba m'kaundula wake pempho lililonse ndi nthawi yake, choncho wokonza akadziwa kuti 500 inatuluka Lachitatu cha m'ma 10 koloko m'mawa, amadziwa poyambira. Chithunzi chomwecho ndi mboni yanu ngati pambuyo pake wina anganene kuti munachedwa kutumiza fomu.

Inu amene mumathandiza anzanu m'midzi kutsegula masamba otere, aphunzitseni funso limodzi ili asanadandaule za netiweki: kodi nambala yayamba ndi 4, yayamba ndi 5, kapena palibe nambala? Ikayamba ndi 4, onani adiresi. Ikayamba ndi 5, dikirani ndipo musalipire kawiri. Pakapanda nambala, yambani ndi foni yanu.