Nkhanu ya pachithunzi: werengani mano, mtundu wa chigoba ubwere pambuyo

Amalawi amene amafika ku Pemba, ku Nacala kapena ku Beira sabwerako opanda zithunzi za kugombe, ndipo pa zithunzizo sipalephera kupezeka nkhanu. Funso limakhala lomwelo: kodi imeneyi ndi nkhanu yanji? Wofunsayo amayamba ndi mtundu wa chigoba, kuti inali yobiriwira kapena yofiirira. Kumeneko ndiye kusochera. Nkhanu imodzimodziyo imaoneka mosiyana ikakhala yonyowa ndi pamene yauma, ikangofundula kumene ndi pamene chigoba chakalamba n'kumera ndere. Ikafa n'kugona padzuwa imayererako, ikaphikidwa imafiira. Foni nayo imawonjezera zake. Zimene sizisintha ndi kuchuluka kwa miyendo, kaumbidwe ka chigoba ndi mano a m'mphepete mwake, ndipo odziwa nkhanu amayambira pamenepo.

Nkhanu yeniyeni ili ndi miyendo 10. Iwiri yakutsogolo ndi zopanira zija, ndipo isanu ndi itatu yotsalayo ndi yoyendera, inayi mbali iliyonse. Mukakulitsa chithunzi, werengani mbali imene ikuoneka bwino. Mukapeza inayi kumbuyo kwa chopanira, ndi nkhanu. Koma pansi pa miyala ya kugombe pamabisala tinyama tina taphwatalala, tochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ta zopanira zazikulu, totchedwa Petrolisthes. Timaoneka ngati nkhanu, komatu miyendo yake yoyendera imaoneka itatu yokha mbali iliyonse, chifukwa wachinayi ndi waung'ono kwambiri ndipo umapindikira m'mbali mwa chigoba. Tilinso ndi tinyanga tiwiri tatitali, toonda, totulukira kunja kwa maso, pamene nkhanu zambiri zenizeni tinyanga take ndi tatifupi. Nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono zimatulutsa miyendo yoyendera iwiri yokha mbali iliyonse. Ndipo kanyama kotuwa kothamanga pamiyala, kopanda zopanira, ka miyendo isanu ndi iwiri mbali iliyonse, si kachibale kapafupi ka nkhanu ayi. Dzina lake ndi Ligia.

Pali msampha umodzi pa kuwerengaku. Nkhanu ikagwidwa mwendo ndi mbalame kapena munthu, imauthothola yokha n'kuthawa, ndipo wina umadzamera pang'onopang'ono ikamafundula. Choncho mukapeza itatu mbali ino, yang'anani mbali inayo musanagamule. Pamene panathothoka mwendo pamatsala mpata kapena kachitsa.

Mukatsimikiza kuti ndi nkhanu, pitani ku mwendo womaliza, wakumbuyo kwenikweni. Ngati nsonga yake ndi yosongoka, nkhanuyo ndi yoyenda pansi. Ngati ndi yaphwatalala ndi yozungulira ngati nkhafi ya bwato, ndi ya banja la nkhanu zosambira, Portunidae, ndipo mwatsekula khomo losavuta kuposa onse, chifukwa m'banja limeneli mano a chigoba amanena zambiri.

Tiyerekeze chithunzi cha ku Pemba. Madzi aphwera, ndipo m'kathamanda ka pakati pa miyala, pafupi ndi mitengo yomera m'matope amchere, muli nkhanu yobiriwira modera, itatambasula zopanira kuti imenye nkhondo. Pambali pake pakuoneka nsonga ya patapata ya wojambulayo, ndipo tikayerekeza, chigobacho n'chotambalala masentimita pafupifupi 6 kapena 7. Wojambulayo akuti ndi mwana wa nkhanu zikuluzikulu za m'matope zija zimene amagulitsa zitamangidwa zopanira, Scylla serrata. Maonekedwe akugwirizana, malo akugwirizana, ndipo mwendo womaliza ndi waphwatalala. Zonse zikumuvomereza kufikira titawerenga mano.

Kawerengedwe kake ndi aka. Pezani diso limodzi. Pakona yakunja ya chibowo cha disolo pali dzino, ndipo limenelo ndi loyamba. Ambiri amalidumpha n'kupeza nambala yoperewera. Kuchokera pamenepo tsatirani mphepete ya chigoba kupita kumbali, kufikira pamene chigoba chatambalala kwambiri n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Scylla ili ndi mano 9 mbali iliyonse, pafupifupi ofanana kukula, ondondozana pamphepete yokhota bwino. Gulu la Portunus nalo lili ndi 9, koma lomalizalo ndi munga wautali woloza kumbali, woti simungaulakwitse. Gulu la Charybdis, mitundu yake yambiri ili ndi 6. Gulu la Thalamita lili ndi 5, ndipo m'mitundu ina dzino lachinayi ndi laling'ono mwakuti limatha kubisika.

Nkhanu ya pachithunzi chathu ili ndi mano 5. Maso ake atalikirana kwambiri, ali pafupi ndi makona a chigoba, pamene a Scylla amayandikana chapakati ndipo chigoba chimapitirira patali kunja kwa maso. Ndiye kuti si mwana wa Scylla, pakuti mwana wa Scylla amakhala kale ndi mano ake 9. Ndi Thalamita, ndipo pa msinkhu umenewo ndi yaikulu kale. Tikakulitsanso chithunzi n'kuona kuti mphumi ya pakati pa maso ili ndi timapiri 6 tobulungira, ndipo mano asanu aja ndi ofanana kukula, tingatchule Thalamita crenata, imene ndi yofala m'magombe a kum'mawa kwa Africa. Mphumiyo ikakhala mumthunzi kapena yaphimbidwa ndi mchenga, tiyime pa dzina la gulu. Thalamita ili ndi mitundu yambirimbiri, ndipo kutchula dzina lonse popanda kuona mphumi n'kulota chabe.

Pamchenga wa m'madzi osaya pamapezeka ina imene imapusitsa anthu ndi munga wake. Chigoba chake n'chozungulira, chachikasu cha timadontho, ndipo mbali iliyonse chili ndi munga umodzi waukulu, motero wothamanga amati ndi Portunus. Yang'anani miyendo: yonse inayi ndi yaphwatalala kunsonga, osati womaliza wokha. Imeneyo ndi ya banja lina, Matutidae, ndipo imakumba ndi miyendoyo n'kudzikwirira mumchenga m'kanthawi kochepa.

Zopanira ndizo zimakopa maso pachithunzi, koma ine ndimaziika kumapeto chifukwa zimanama kawirikawiri. Chopanira chimene chinathothoka n'kumeranso chimayamba chili chaching'ono, ndipo nkhanu ya zopanira zofanana imatha kuoneka ngati ya chimodzi chachikulu. Yaimuna ndi yaikazi zimasiyananso. Chitsanzo ndi tinkhanu ta m'matope timene amuna ake ali ndi chopanira chimodzi chachikulu modabwitsa, chimene amachikupiza poitana akazi ndi poopseza anzawo. Mkazi alibe chimenecho. Ali ndi tiwiri tating'ono todyera matope. Munthu atajambula awiriwa padera angalumbire kuti ndi mitundu iwiri. Chimene chimawagwirizanitsa ndi maso okhala pa timapesi tatitali, toonda, ndi chigoba chotambalala kutsogolo, chochepa kumbuyo. Mayina a tinkhanu timeneti anasinthidwanso mu 2016: kale tonse tinkatchedwa Uca, koma akatswiri anatigawa m'magulu angapo monga Austruca ndi Tubuca, kotero buku lakale ndi latsopano angapereke mayina awiri a kanyama kamodzi.

Abale ake ndi nkhanu zotuwa zothamanga pamchenga wouma usiku, za gulu la Ocypode. Izi chigoba chake n'cha ngodya zinayi, chokhuthala, miyendo yaitali, ndipo chopanira chimodzi chimaposa chinzake mwa amuna ndi akazi omwe, ngakhale kusiyanako si kwakukulu ngati kwa tinkhanu tija. Ocypode ceratophthalmus imadziwika ndi nyanga zotuluka pamwamba pa maso. Koma ana ake alibe nyangazo, zimakula pamodzi ndi nkhanu. Choncho kankhanu kopanda nyanga sikatanthauza mtundu wina, ndipo pa ana a Ocypode chithunzi chimodzi sichikwanira.

Pamene zopanira zimathandizadi ndi pa nkhanu za m'matanthwe a korali. Mukaona chigoba cholimba, chotambalala, chobulungira kutsogolo, miyendo yaifupi yosongoka, ndi zala za zopanira zakuda bii, ganizirani banja la Xanthidae ndi abale ake. Si zonse za zala zakuda zimene zili ndi poizoni, koma zakupha zili mommo. Zosimus aeneus, ya chigoba cha matuzamatuza ogawidwa ndi tingalande, imapezeka m'nyanja ya India kuphatikizapo gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo yapha anthu m'maiko ena. Poizoni wake amapuwalitsa thupi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Apa chithunzi chingakuchenjezeni kuti musadye, koma sichingakupatseni chilolezo chodya.

Zambiri zimalephereka chifukwa cha kajambulidwe. Chithunzi chotengedwa chammbali, munthu ataimirira patali, chimabisa mano onse. Chofunika choyamba ndi chochokera pamwamba penipeni, chigoba chonse chikuoneka kuyambira diso mpaka mwendo womaliza. Chachiwiri ndi chakumaso, chosonyeza mphumi, maso ndi kunja kwa zopanira. Ngati nkhanu ili m'manja mwa msodzi kapena yafa, itembenuzeni mujambule kumimba: kamchira kopindikira pansi kakakhala koonda ndi yaimuna, kakakhala kotambalala ndi yaikazi. Ikani bokosi la machesi kapena ndalama pambali, chifukwa nkhanu imayezedwa m'lifupi mwa chigoba, miyendo osaiwerengera. Lembaninso malo: mchenga wouma, matope, mwala womenyedwa ndi mafunde kapena korali. Nkhanu yaphwatalala, ya chigoba cha mizeremizere ndi miyendo yaitali, yothamanga pamwala wa mafunde, kawirikawiri ndi Grapsus, ndipo malowo okha afupikitsa kale ntchito. Chigoba chopepuka, chotseguka kumbuyo, cha maso oyera opanda kanthu mkati, si nkhanu yakufa koma chofundula, ndipo n'chabwino kwambiri kuwerengerapo mano chifukwa sichithawa.

Kwathu kuno njirayi imafika msanga pamalire ake. Nkhanu za m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yathu ndi za banja la Potamonautidae, ndipo palibe ya mwendo wosambirira. Ya m'nyanja, yabuluu modera, imene imabisala m'miyala ya ku Cape Maclear ndi Nkhata Bay, ili ndi timinga m'mphepete mwa chigoba, pamene zambiri za m'mitsinje mphepete yake ndi yosalala kapena ya timatuza chabe. Kupitirira pamenepo, mitundu ya banja limeneli imafanana kwambiri mwakuti akatswiri amaisiyanitsa poyang'ana tiziwalo toberekera ta yaimuna, tobisika pansi pa kamchira kaja, ndi makina okulitsa zinthu. Chithunzi cha pafoni cha nkhanu ya mumtsinje wa ku Mulanje kapena ku Nyika chidzakufikitsani pa dzina la banja, ndipo chothandiza kwambiri kulemba pansi pake ndi dzina la mtsinje ndi tsiku limene munajambula.