Akakukanani ntchito, kodi mungapemphe ina pomwepo?

Kalata yokana munthu ntchito, ija ambiri amangoti rigireti, imakhala yaifupi: zikomo pobwera ku intaviyu, koma simukugwirizana ndi zomwe tikufuna. Ambiri akaiwerenga amangoifufuta ndi mkwiyo. Komatu wolemba anthu ntchito, kaya ndi wa ku ofesi yoona za antchito pakampanipo kapena wa kampani yofunira ena antchito, kawirikawiri amakhala ndi mipata ingapo nthawi imodzi. Kumupempha kuti akuganizireni pa mpata wina sikulakwa. Chimene chimavuta ndi kapemphedwe kake.

Musanalembe chilichonse, onani pamene anakukanirani. Ngati mapepala anu anagwa pa kusefa koyamba, wolembayo sakukudziwani, ndipo pempho lanu silisiyana ndi kalata zina zofunsira ntchito zimene zadzaza pa tebulo pake. Koma ngati munafika pa intaviyu, anakuonani, anamva mmene mumayankhira, mwinanso anaona kale masatifiketi anu. Kwa iye ndinu ntchito yoyamba kale, ndipo kukutengani pa mpata wina kumamuchepetsera thukuta lofunafuna munthu watsopano.

Onaninso chifukwa chimene anakukanirani. Akati mukuchepa zaka pa ntchito, kapena luso lanu lagona kwina, khomo likadali lotsekula. Koma ngati vuto linali kufika mochedwa, kulemba zabodza pa sivii, kapena amene munawatchula kuti akuikireni umboni sanalankhule zabwino, palibe mpando wina umene ungafute zimenezo.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Blantyre yemwe ali ndi dipuloma ya ICAM, ndipo wagwira chaka chimodzi m'golosale yaikulu, kulemba mainivoisi ndi kuwerengera katundu mwezi ukamatha. Anafunsira ntchito ya akauntanti, koma anamuuza kuti akufuna munthu amene anatsekapo mabuku a chaka chonse ndipo amadziwa kukonza za misonkho ya ku MRA payekha. Iye sanachitepo zimenezo, ndipo kukangana nawo n'kutaya nthawi. Koma kampani yomweyo yalengezanso mpata wa kalaliki wa ku sitolo yosungira katundu. Pasanathe masiku awiri kapena atatu, nkhope yake isanaiwalike, ayankhe pa imelo yomwe ija, kaya m'Chingerezi kaya m'Chichewa, mawu onga awa:

"Zikomo pondidziwitsa. Ndamvetsa kuti mpando wa akauntanti ukufunika munthu amene anatsekapo mabuku a chaka. Ndaona kuti mukufunanso kalaliki wa ku sitolo. Kwa chaka chimodzi ndakhala ndikuwerengera katundu ndi kufananitsa mainivoisi ndi zimene zafika. Kodi mungandiganizire pa mpatawu, kapena ndilembe kalata yatsopano? Ndaphatikizapo sivii yokonzedwanso."

Uthengawu wavomereza chigamulo, watchula mpando ndi dzina lake, wapereka umboni umodzi wogwirika, ndipo wafunsa funso loyankhika ndi mawu amodzi. Sivii nayonso isakhale yomwe ija: za katundu zikwere pamwamba, zina zitsike.

Mawu amene amapha pempho lotere ndi aja timawamva tsiku ndi tsiku: "Bwana, ntchito ina iliyonse, ndingopezako ya sopo." N'zoona, zinthu zathina, koma mawuwa akupatsa wolembayo ntchito yoti akuganizireni chimene mungathe, ndipo alibe nthawi imeneyo. Choipa china, amayamba kukayika ngati mpando woyamba uja munkaufunadi. Ngati mpando watsopanowo ndi wotsikirapo, yembekezerani funso lakuti simudzathawa kodi mukangopeza pena, ndipo mukhale mutavomereza kale mumtima kuti malipiro ake ndi ochepa.

Pali malo amene njirayi sigwira. M'boma, ndi m'mabungwe ambiri oyendetsedwa ndi ndalama za abwenzi akunja, mpata uliwonse umalengezedwa pawokha, uli ndi tsiku lake lotsekera, ndipo ofesala sangangonyamula mapepala anu n'kukawaika pa mulu wina. Kumeneko mungofunsa ngati mukuloledwa kufunsiranso, kenako lembani kalata yatsopano. Zolengeza zina zimachenjeza kuti wonyengerera akuluakulu kumbali adzachotsedwa pa mndandanda, choncho zoimbira bwana pa nambala yake ya kunyumba zisiyeni. Ndipo wina akati mutumize kaye ndalama kuti akusunthireni pa mpando wina, ameneyo ndi wakuba: wofunira kampani antchito amalipidwa ndi kampaniyo.

Mukatumiza, dikirani sabata imodzi. Kukakhala zii, kumbutsani kamodzi kokha ndi mizere iwiri. Yankho lakuti "tisunga mapepala anu" nthawi zambiri ndi kukana kwaulemu, musalidalire. Koma akakufunsani tsiku limene mungayambe ntchito, malipiro amene mukuyembekezera, kapena akakulumikizani ndi mkulu wa nthambi inayo, dziwani kuti pempho lanu lafika pa tebulo loyenera, ndipo yambani kukonzekera intaviyu ina, chifukwa yoyamba ija siwerengedwanso.