Kumasulira Maminiti a Msonkhano Mosasintha Cigamulo

M'masukulu ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi umacitika m'Cinyanja, koma zolembedwa zake, zimene ambiri amazicha maminiti, zimafunika m'Cingerezi pamene zitumizidwa ku ofesi ya maphunziro, popeza Cingerezi ndico cilankhulo ca boma m'dziko la Zambia. Tsono pamsonkhano wotsatira maminiti omwewo amawerengedwanso kwa makolo m'Cinyanja. Kawirikawiri nchito yonseyi imagwera mphunzitsi wa Cinyanja, cifukwa anthu amaganiza kuti wodziwa zilankhulo ziwiri angathe kumasulira ciliconse. Kumasulira maminiti nkosiyana ndi kumasulira nthano. M'nthano womasulira ali ndi ufulu wosankha mau okoma, koma m'maminiti liu limodzi lingasandutse pempho kukhala lamulo, ndipo kholo lina lingaumirizidwe kulipira ndalama zimene msonkhano sunagamule.

Bvuto lalikulu silikhala m'mau acilendo, pakuti amenewo womasulira amawaona msanga nafunsa. Limakhala m'mau ozolowereka, makamaka pamalo pamene Cinyanja cimalola liu limodzi kunyamula matanthauzo awiri kapena atatu, pamene Cingerezi cifuna kuti wolemba asankhepo limodzi. Womasulira akasankha yekha, ndiye kuti wagamula mlandu umene sunali wake.

Tiyerekeze kuti pamsonkhano wa pa 14 Epulo, wokambirana za kumanga nyumba ya mphunzitsi, mlembi walemba motere: "Msonkhano unabvomereza kuti makolo apereke K50 kapena njerwa 200, ndipo zikakwanira aphunzitsi aitane mmisiri mwezi wamawa." Munthu amene analipo pamsonkhanowo sangaonepo cobvuta. Koma wofuna kuika ciganizoci m'Cingerezi ayenera kuima kasanu kapena kasanu ndi kamodzi.

Poyamba pali mneni wa msonkhano weniweniwo, "unabvomereza". Msonkhano umacita zinthu zosiyanasiyana ndi nkhani imene yabwera pamaso pake. Ungamange mfundo imene iyenera kutsatidwa. Ungabvomereze maganizo amene komiti yabweretsa. Ungapemphe akuluakulu ena kuti acitepo kanthu, cifukwa mphamvu siili m'manja mwake. Ungangomva lipoti osanenapo kanthu. Kapenanso ungaimike nkhani kufikira tsiku lina. Maminiti a Cingerezi ali ndi mneni wakewake pa ciliconse ca izi, ndipo akuluakulu a ku ofesi amawerenga aneni amenewa mosamala kopambana mau ena onse. Ngozi imaoneka kwambiri pa mau akuti "tamva". Makolo akati "tamva" atafotokozeredwa za ndalama, nthawi zina atanthauza kuti alola, koma nthawi zambiri angosonyeza ulemu kuti mau afika m'makutu. Cimodzimodzinso "tiona" si lonjezo ai; ndi kuimika nkhani, ndipo mwina ndi kukana kwaulemu. Mlembi kapena womasulira amene alemba kuti makolo anagwirizana nazo pamene iwo anangoti "tamva" walemba cigamulo cimene kulibe. M'citsanzo cathu, funso ndi lakuti: kodi K50 ndi njerwa 200 zinacokera ku komiti, msonkhano nungozilandira, kapena zinabadwira mumsonkhano momwemo? Yankho lipezeka m'ndondomeko ya zokambirana ndi m'kabuku kamene mlembi analembamo tsikulo.

Malo aciwiri, amenenso ali oopsa koposa, ndi pa liu lakuti "apereke". Mneni wothera ndi -e amagwira nchito zambiri m'Cinyanja. Mfumu ikati "apereke mbuzi", limenelo ndi lamulo. Mnansi akati "aperekeko kangacepe", limenelo ndi pempho. Munthu akafunsa ngati mbale wake angalipire ndi nkhuku, ena nayankha kuti "apereke", cimeneco ndi cilolezo. Pamsonkhano anthu amazindikira tanthauzo mwa kamvekedwe ka mau ndi zimene zanenedwa kale, koma papepala zonsezi zimasowa. Cingerezi cilibe njira yapafupi yobisira kusiyana kumeneku: cili ndi liu lake la lamulo, lina la uphungu, ndi lina la cilolezo, ndipo wolemba ayenera kutengapo limodzi. Tsono ciganizo cathu cingamveke m'njira ziwiri zotalikirana. Cingatanthauze kuti kholo lililonse liyenera kupereka cimodzi mwa ziwirizo, ndipo wosapereka waswa mfundo ya msonkhano. Cingatanthauzenso kuti msonkho unalipo kale, ndipo tsopano makolo aloledwa kubweretsa njerwa m'malo mwa ndalama. Wophunzira kumasulira amathamangira liu la lamulo cifukwa limamveka laukatswiri, longa la m'makalata a boma. Mphunzitsi aletse cizolowezi cimeneci msanga.

Pali cinanso cimene ciganizoci sicinanene: K50 imeneyi ndi ya pa mwana, ya pa banja, kapena ya pa kholo? Ngati sukulu ili ndi ana 300 ocokera m'mabanja 120, kulipira pa mwana kubweretsa K15,000, pamene kulipira pa banja kubweretsa K6,000 yokha. Womasulira akaonjezera liu lotanthauza "aliyense" kuti Cingerezi cimveke bwino, tate ndi mai a nyumba imodzi angafunsidwe kulipira payekhapayekha. Tikumbukirenso kuti "kholo" m'Cinyanja ndi liu lotakata: agogo, amalume kapena azakhali olera mwana ndi makolo ndithu, pamene liu lozolowereka la Cingerezi limaloza makamaka kwa wobereka. Ngati msonkhano unatanthauza onse olera ana, Cingerezi cichule olerawo poyera.

Kaphatikizo ka -ka- m'liu lakuti "zikakwanira" kamanyamula zinthu ziwiri, nthawi ndi cikaiko. "Dzuwa likalowa" ndi nthawi cabe, cifukwa dzuwa lidzalowa ndithu. "Mvula ikagwa mawa" muli cikaiko. Cingerezi cimapatula ziwirizi ndi timau tiwiri tosiyana. Womasulira akatenga liu la cikaiko, cigamulo citanthauza kuti zopereka zikapanda kukwanira mmisiri asaitanidwe. Akatenga liu la nthawi, citanthauza kuti msonkhano sunakaike konse, ndipo mphunzitsi wamkulu angayambe kupangana ndi mmisiri za malipiro ndalama zisanaoneke. Ngongole ya sukulu ingayambire pa kaliu kameneka.

Za "aphunzitsi" nzodziwika kwa aliyense wolankhula Cinyanja. A- waulemu amacititsa kuti munthu mmodzi amveke ngati ambiri, ndipo mneni amatsatira momwemo. Mwina wakumpando, polankhula, anayang'ana mphunzitsi wamkulu, onse namvetsa. Koma Cingerezi cifuna kudziwa ngati ndi mmodzi kapena ambiri, ndipo nchito yopatsidwa kwa "aphunzitsi onse" imakhala yopanda mwini. M'maminiti ndi bwino kuchula udindo wa munthuyo, monga mphunzitsi wamkulu, msungicuma kapena mlembi. "Mwezi wamawa" nawonso umasuntha: maminiti akawerengedwa mu Julaye, womva angaganize za Ogasiti. Pano womasulira angathe kulemba kuti Meyi, popeza tsiku la msonkhano lili pamwamba pa pepala ndipo palibe cimene wasankha yekha. Koma ziwerengero za ndalama zisakhudzidwe. Pomasulira maminiti akale, olembedwa kwaca isanacotsedwe maziro atatu mu 2013, K50,000 ilembedwe K50,000 momwemo. Ngati pafunika kufotokoza, mau ofotokozawo aikidwe padera, osati m'kati mwa cigamulo.

Nanga womasulira acite ciani akapeza malo otere? Alembe mzere kunsi kwa liu lililonse lokaikitsa, napite kwa mlembi ndi wakumpando ndi mafunso acindunji: lamulo kapena cilolezo, pa mwana kapena pa banja, mmodzi kapena onse. Ngati awiriwo agwirizana ndipo kabuku ka mlembi kacitira umboni, ayambe wakonza ciganizo ca Cinyanja kuti cimveke njira imodzi, kenaka amasulire. Mwacitsanzo cingakhale cotere: "Msonkhano unamanga mfundo yakuti banja lililonse lokhala ndi mwana pasukulu pano liyenera kupereka K50 kapena njerwa 200. Ngati zopereka zakwanira, mphunzitsi wamkulu aitane mmisiri m'mwezi wa Meyi." Ciganizo cotere cimalowa m'Cingerezi mosabvuta. Koma zimacitika kuti mlembi akumbukira zina, wakumpando zina. Pamenepo ndiye kuti msonkhano womwewo sunamalize nkhaniyo, ndipo womasulira alibe mphamvu yoimaliza. Mfundoyo imasuliridwe monga inalembedwera, wakumpando adziwitsidwe, ndipo ibwezedwe kwa makolo panthawi yowerenga ndi kutsimikiza maminiti pamsonkhano wotsatira.

Pocokera ku Cingerezi kupita ku Cinyanja msampha umatembenuka. Maminiti a Cingerezi amakonda kunena kuti cinthu cinagamulidwa kapena cidzacitidwa osachula wocicita. Cinyanja cimakoma pamene wocita achulidwa, cotero womasulira amakopeka kuonjezera kuti "a komiti adzakonza denga", pamene pepala lingonena kuti denga lidzakonzedwa. Aneni othera ndi -idwa ndi -edwa alipo kaamba ka nchito yotereyi, ndipo agwiritsidwe nchito ngakhale ciganizo cimveke couma. Ulemu nawonso ungafewetse lamulo. Tinazolowera kunena kuti "tikupemphani" ngakhale pamene tilamula, koma m'maminiti "makolo apemphedwa" ndi "makolo ayenera" ndi zigamulo ziwiri zosiyana.

Njira yoyesera ngati tanthauzo lasungika ndiyo kubweza mau. Munthu wina amene sanaone Cinyanja coyamba apatsidwe Cingerezi cokha, nacibweze m'Cinyanja. Kenaka mapepala awiri a Cinyanja aikidwe pamodzi. Kusiyana kwa kakomedwe ka mau kulibe kanthu. Coyang'ana ndi ici: wocita ndi yemweyo kodi, cocita ndi comweco, ndalama ndi tsiku nzofanana, ndipo mphamvu ya mneni siinakwere kapena kutsika? Mfundo zikhale ndi manambala ofanana m'zilankhulo zonse ziwiri, kuti mfundo 4 m'Cinyanja ikhalenso mfundo 4 m'Cingerezi, ndipo wakumpando asaine mapepala onse awiri atawerengedwa. Ndi canzerunso kuti msonkhano unene pasadakhale pepala limene lidzatsatidwa ngati awiriwo apezeka osiyana. Kwa ife, loyenera ndi la cilankhulo cimene anthu analankhula pogamula.

M'kalasi, njira imeneyi imaphunzitsika bwino ndi magulu a ophunzira atatuatatu. Woyamba amasulire ciganizo ca K50 ndi njerwa cija m'Cingerezi, waciwiri acibweze m'Cinyanja osaona coyamba, wacitatu ayerekeze ndi kuchula pamene pasintha. Mphunzitsi asafotokoze misampha isanayambe nchito. Alole magulu abwere ndi zigamulo zosiyana kucokera m'ciganizo cimodzi, nazilembe pabolodi moyandikana. Kenaka gulu lililonse liwerengere ndalama zimene mai wolera ana atatu akadalipira potsata kumasulira kwao, ndipo lilembe mafunso amene likadafunsa mlembi lisanayambe kumasulira.