Mutu wabodza umapha vidiyo pa YouTube

Mu Disembala 2024, YouTube inalengeza kuti iyamba kuchotsa mavidiyo amene mutu wake kapena chithunzi chake chapachikuto chikulonjeza zinthu zimene mulibe m'vidiyomo. Inayambira ku India, ndipo inaika maso makamaka pa mavidiyo a nkhani zongochitika kumene, monga mutu wonena kuti pulezidenti watula pansi udindo pamene vidiyoyo sikukamba n'komwe za nkhaniyo. Lamulo loletsa mitu yonamiza linalipo kale, koma apa kampaniyi inasonyeza kuti yatopa nazo.

Amene amaika mavidiyo amaopa kwambiri kuchotsedwako. Komabe mavidiyo ambiri a mitu yonamiza sachotsedwa ayi. Amangosiya kuonetsedwa kwa anthu, mwiniwake osauzidwa chifukwa, ndipo chilango chimenechi ndicho chimapweteka anthu ambiri.

Tiyerekeze mnyamata amene amajambula mpira wa m'dera lakwawo ndi foni. Wajambula vidiyo ya mphindi 8, ndipo pa mphindi yachisanu pali chigoli chokongola chochokera patali. Akudziwa kuti Amalawi sanaiwale chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu Januwale 2022, choncho akuika nkhope ya Gabadinho pachikuto, n'kulemba mutu wakuti "Gabadinho wachitanso zodabwitsa!" Gabadinhoyo mulibe m'vidiyomo.

Poyamba zimaoneka ngati zayenda. Tinene kuti YouTube yaonetsa chikutocho maulendo 10,000 ndipo anthu 1,200 adina. Akangoona bwalo lafumbi ndi osewera osawadziwa, amatuluka, chifukwa munthu wogula bandulo yake satayira ndalama pa zimene sanafune. Ngati aliyense wakhala masekondi 25, onse pamodzi aonera mphindi 500. Tsopano vidiyo yomweyo ikhale ndi mutu woona, wakuti "Chigoli chapatali mu ligi ya kumudzi", ndi chithunzi cha wogoletsayo akumenya mpira. Odina achepa, mwina 500 okha, koma iwowa abwera kudzaona zimene zilimodi. Akakhala mphindi zinayi aliyense, zakwana mphindi 2,000, kuwirikiza kanayi zija za mutu wabodza.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa cha zimene YouTube inasintha mu 2012. Kale inkakweza mavidiyo potengera kuchuluka kwa odina, ndipo anthu anaphunzira msanga kunamiza ndi zithunzi. Kuyambira chaka chimenecho inayamba kuwerengera nthawi imene anthu akhala akuonera, kenako inawonjezera zina zosonyeza ngati woonera wakhutira, monga mafunso amene imafunsa anthu akatha kuonera, ndiponso kuchuluka kwa amene adina "Not interested". Vidiyo imene anthu amailowa n'kuithawa imayamba kuonekera mwa apo ndi apo pa tsamba loyamba ndi pambali pa mavidiyo ena. Choipa china, amene ananamizidwa kamodzi amakumbukira dzina la tchanelo, ndipo vidiyo yotsatira amailumpha ngakhale ikhale yabwino.

Zonsezi mwini tchanelo angathe kuziona yekha. Mu YouTube Studio, pa gawo la Analytics, muli nambala yotchedwa "Impressions click-through rate", imene imasonyeza kuti mwa anthu 100 amene aona chikuto, ndi angati adina. YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo limakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse. Nambala imeneyi payokha imanyenga, choncho iwerengedwe limodzi ndi "Average view duration" komanso mzere wa "Audience retention", umene umasonyeza pamene anthu akutulukira. Mzerewu kutsika pang'ono koyambirira n'kwachibadwa pa vidiyo iliyonse. Koma ukagwa chagada m'masekondi 30 oyamba pamene odina ali ambiri, ndiye kuti mutu unalonjeza zina, vidiyo n'kupereka zina. Mankhwala ake safuna kujambulanso: mutu ndi chikuto zimasinthika nthawi iliyonse vidiyo ili pomwepo.

Nthawi zina vuto si bodza, koma kuchedwa. Mnyamata wathu uja akalemba zoona za chigoli chapatali, n'kuyamba ndi mphindi ziwiri za malonje ndi kupempha anthu kuti adine "Subscribe", woonera amaganiza kuti wapusitsidwa. Aonetse kachidutswa ka chigolicho pachiyambi penipeni, masewerawo azibwera pambuyo.

Nanga matagi? Apa anthu amataya nthawi yambiri pachabe. Matagi ndi mawu amene amalembedwa m'bokosi la "Tags" poika vidiyo, ndipo bokosilo limalola zilembo 500. YouTube yokha imanena kuti matagi amathandiza pang'ono zedi kuti vidiyo ipezeke, ndipo kuti phindu lake lenileni lili pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana. Kwa ife zimenezi n'zothandiza ndithu: wophika angaike "nsima" ndi "nshima" kuti a ku Zambia nawo aipeze, ndipo wophunzitsa chinenero angaike "Chichewa" ndi "Chinyanja". Koma kudzaza bokosilo ndi mayina a Messi, Ronaldo ndi oimba otchuka pa vidiyo ya mpira wa kumudzi sikubweretsa oonera oyenera. Wofufuza Messi akaipeza, atuluka nthawi yomweyo. Ena amamata mndandanda wa mawu oterewa pansi pa malo ofotokozera vidiyo, ndipo zimenezi malamulo a YouTube amaziletsa mosabisa. Mahashitagi nawo ali ndi malire: akapitirira 60 pa vidiyo imodzi, YouTube imawanyalanyaza onse, ndipo osagwirizana ndi vidiyo angachititse kuti ichotsedwe.

Zikafika pochotsedwa, pali ndondomeko. Kulakwa koyamba nthawi zambiri kumabwera ndi chenjezo lokha, ndipo pa milandu yambiri munthu angachite kamaphunziro kakafupi kuti chenjezolo lifafanizike pakatha masiku 90. Akalakwanso amalandira chimene pa sikirini chimalembedwa kuti "strike", ndipo sangaike vidiyo kwa sabata imodzi. Chachiwiri chikabwera m'masiku 90 omwewo, ndi masabata awiri. Chachitatu, tchanelo chimatsekedwa. Kufufuta vidiyo yolakwayo sikuchotsa chilango, choncho amene akuona kuti walakwiridwa asathamangire kufufuta. Apange apilo mu YouTube Studio momwemo.

Sikuti mutu uzikhala wozizira. Kukopa anthu si mlandu, ndipo mitu yambiri yoona imalephera chifukwa ilibe mchere. Malire ake ndi akuti chimene chalembedwa kapena kuonetsedwa pachikuto chipezekedi m'vidiyo. Mnyamata uja angalembe kuti "Kodi chigoli ichi chikufanana ndi cha Gabadinho?", malinga ngati m'vidiyomo akukambadi za kufanana kwake, ndipo pachikuto pali wosewera wa kumudziyo. Ine ndingamulangize kuti ngakhale pamenepo dzina la timu ndi la dera likhale patsogolo, chifukwa pa foni mutu wautali umadulidwa, ndipo anthu amene angaonere vidiyoyo mpaka kumapeto ndi a m'dera lomwelo, amene akufuna kuona mwana wa kwawo akugoletsa.

Amene ali ndi zikuto ziwiri zoona koma sakudziwa chosankha angagwiritse ntchito njira ya mu YouTube Studio yoyesera zikuto pa kompyuta. Imalola zithunzi zosapitirira zitatu, n'kuzionetsa kwa magulu osiyana a anthu kwa masiku angapo, ndipo chopambana imachisankha potengera nthawi imene anthu aonera, osati kuchuluka kwa odina.