Chiponde cha m'botolo chimayambira pa kope la masamu

M'magolosale a ku Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu muli mabotolo a chiponde chopangidwa ndi magulu a amayi, makopaletivi ndi mabanja. Ena mwa mabotolowa amaoneka mu Julayi, n'kusowa mu Januwale, pomwe ogula ayamba kumene kuwazolowera. Nthawi zambiri sikuti chipondecho chinali choipa ayi. Mwini wake anagula makina asanalembe dongosolo la kayendetsedwe ka ntchito, lomwe limayankha mafunso anayi: mtedza uchokera kuti, udutsa m'manja angati, ntchitoyo ichitikira pati, ndipo aigwira ndani.

Dongosololi amaliwerengera chobwerera, kuyambira pa botolo. Tiyerekeze gulu lomwe lili ndi msika wa mabotolo 200 pa sabata, lililonse la magalamu 500. Ndiye kuti likufunika makilogalamu 100 a chiponde. Koma thumba la mtedza silisanduka lonse chiponde. Wina umatayidwa posankha, chinyezi chimauluka pokazinga, timakungu tofiira timapita ndi mphepo popeta. Tikati pa makilogalamu asanu alionse imodzi imatayika chonchi, gululi liyenera kukhala ndi makilogalamu 125 a mtedza wosenda sabata iliyonse. Likagwira ntchito masabata 48, pa chaka pakufunika makilogalamu 6,000, omwe ndi matumba 120 a makilogalamu 50. Gulu lililonse liyenera kudziyezera lokha kuchuluka kwa mtedza wotayikawu pa sikelo, chifukwa kumasintha ndi mtundu wa mtedza komanso kusamala kwa mlimi.

Matumba 120 amenewa ndiwo mutu waukulu, chifukwa mtedza wambiri m'Malawi umakololedwa kamodzi pa chaka, cha mu Epulo mpaka Juni. Nthawi imeneyo umapezeka paliponse ndipo mtengo umakhala pansi. Mvula ikayamba, wotsala umapita ku mbewu ndipo mavenda amatchula mtengo umene akufuna. Choncho dongosolo linene poyera: kodi ndalama yogulira mtedza wa chaka chonse pokolola ilipo, kapena gulu lipangana ndi makalabu a alimi kuti azipereka pang'onopang'ono? Linenenso mtundu wake. CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri ndipo umagayika mofewa. Chalimbana ndi wa maso akuluakulu. Kusakaniza mitundu m'chokazingira chimodzi kumachititsa kuti waung'ono upserere wamkulu asanapse.

Mdani wa bizinesi imeneyi ndi chuku. Nkhungu zina zikamera pa mtedza wachinyezi zimasiya poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi. Poizoniyu satha ndi moto wa chokazingira, ndiye mtedza woola ukangolowa m'makina, wafika m'botolo basi. Pali chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapenanso kuti thumba lilemere pa sikelo, ndipo chimenechi chimaitana chuku. Wogula wochenjera amagwedeza mtedza wa makoko kuti amve ngati ukulira mkati, amaluma njere kuti aone ngati ikuthyoka kuti "thwa", komanso amanunkhiza pansi pa thumba. Wokhala ndi kachipangizo koyezera chinyezi amafuna kuti chisapitirire 7 kapena 8 pa 100 alionse. Mtedza umasungika bwino ndi makoko ake, pa matabwa otalikira pansi ndi khoma, koma pamenepo chipinda chikule ndithu: njere ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake, ndiye makilogalamu 6,000 aja amasanduka pafupifupi 9,000.

Tsiku lopanga chiponde limayamba ndi kusankha. Mphwephwa, njere zoswekasweka, zakuda, zobooledwa ndi tizilombo, timiyala, zonse zimachotsedwa pamanja. Kenaka mtedza umakazingidwa pa moto wa madigiri pafupifupi 160, mpaka mkati mwa njere muoneke mofiirira mofanana. Wosapsa umatulutsa chiponde choyera cha fungo la mtedza wauwisi, wopserera umawawa. Ukatuluka uyalidwe msanga pa thebulo loyera kuti uzizire, apo ayi umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Ukazizira amaufikisa n'kupeta timakungu, ndipo apa amasankhanso kachiwiri, popeza njere yovula imaonetsa mawanga amene anabisika. Akatero amagaya, n'kuthira mchere wochepa, pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100. Mabotolo akhale ouma gwa, poti kadontho ka madzi n'kokwanira kuononga chiponde.

Pa botolo lililonse palembedwe tsiku lopangira, ndipo m'kope mulembedwe thumba limene mtedzawo unachokera. Wogula akadandaula, mwini bizinesi amadziwa mabotolo oti aitanitse ndi mlimi woti akambe naye. Mafuta akayandama pamwamba si kuonongeka, ndi mmene chiponde chopanda mankhwala chimakhalira. Fungo lachikale ndi kuwawa ndiye chizindikiro choti mafuta avunda.

Nanga fakitale ikhale kumudzi kapena m'tauni? Kumudzi mtedza uli pafupi, lendi ndi yotsika, ndipo makoko amatsala komweko osalipiridwa thiransipoti. Koma makina ogayira akuluakulu ambiri amafuna magetsi amphamvu onga a chigayo, omwe sapezeka nyumba iliyonse, pomwe mabotolo ndi ogula ali m'tauni. N'chifukwa chake magulu ena amasendera ndi kusunga kumudzi, n'kumagayira pa tireding'i senta ya m'mbali mwa msewu wa tala. Kulikonse kumene angasankhe, afunse kaye za mzere wa ESCOM wa pamalopo, chifukwa magetsi akazima mtedza utakazingidwa kale, ntchito ya tsiku lonse imaima.

M'kati mwa nyumbayo katundu aziyenda njira imodzi: mtedza wauwisi ulowere khomo lina, mabotolo atulukire lina. Fumbi la posankhira lisafike pogayira, chifukwa limanyamula majeremusi omwe moto unali utapha kale. Pansi pakhale pa simenti posavuta kukolopa, mawindo akhale ndi sefa, posamba m'manja pakhale pafupi, chimbudzi chitalikire. Izi ndi zina mwa zimene a bungwe la Malawi Bureau of Standards amayang'ana akabwera kudzayendera malo ndi kutenga chiponde kukachiyeza, ndipo masitolo akuluakulu salandira botolo lopanda chizindikiro chawo. Khonsolo nayo imafuna chiphaso cha bizinesi, komanso ogwira zakudya amayenera kupimidwa kuchipatala.

Pa antchito, ambiri amawerengera potengera makina, chonsecho makina ndi amene amatha ntchito msanga. Chokazingira cha makilogalamu 25 chimamaliza mtedza wa sabata yonse maulendo asanu, mwina tsiku limodzi lokha. Pamene pamachedwa m'posankha. Ngati munthu mmodzi amasankha bwinobwino makilogalamu 25 pa tsiku, mtedza wa sabata umudyera masiku asanu asanayambe kusankha kwachiwiri, ndiye osankha awiri ndiwo oyamba kulembedwa. Wachitatu ndi wa chokazingira ndi makina, ndipo wina aphunzitsidwe ntchito yomweyo kuti maliro kapena matenda asatseketse fakitale. Wachinayi ndi wothira m'mabotolo, kulemba m'kope ndi kupereka katundu m'magolosale.

Malipiro a osankha nawo alembedwe mosamala. Wolipidwa pa thumba amathamanga, mphwephwa n'kumadutsa. Ndi bwino kulipira pa tsiku, kenaka woyang'anira atape mtedza wodzaza dzanja m'thumba lililonse losankhidwa, awerenge njere zoipa zimene zatsala, ndipo thumba lolephera libwerere pa lichero lisanafike pa moto.