Pempho likabisala pansi pa moni

Imelo yafika m'mawa pa foni ya mkulu woyang'anira ntchito za maphunziro ku bungwe lina lothandiza sukulu. Pamutu pake pangolembedwa kuti "Moni". Mkuluyo watsegula, wawerenga mizere itatu yofunsa za moyo wake ndi wa banja lake, waona kuti kalatayo ikupitirira mpaka pansi, ndipo waitseka kuti adzaiwerenge akapeza mpata. Mpatawo supezeka.

Chonsecho m'ndime yachisanu ndi chimodzi ya kalatayo muli nkhani yosafunika kugona. Mphepo yasasula denga la makalasi awiri, mvula yayamba, ndipo mphunzitsi wamkulu akufuna malata.

Chitsanzochi n'chongoyerekeza, koma makalata otere ndi ambiri m'maofesi. Olemba ake salemba motere chifukwa chosadziwa kulemba ayi. Amatsata mwambo umene Amalawi amakulira nawo, woti munthu safikira kupempha kwa wamkulu asanalonjerane naye ndi kufotokoza chimene chamuyendetsa. Pakhonde la amfumu mwambowu ndi wabwino chifukwa womvera ali pomwepo ndipo sachoka mpaka mlendo atamaliza. Wowerenga imelo alibe chomumanga chotero. Pa foni amaona dzina la wotumiza, mutu wa uthenga ndi mawu ochepa oyambirira, ndipo zimenezi n'zimene zimamuuza ngati atsegule tsopano kapena mawa.

Asilikali a dziko la Amerika adaiona nkhaniyi kalekale. Buku lawo la malamulo a kalembedwe ka makalata, AR 25-50, limalamula kuti mfundo yaikulu izikhala koyambirira, ndipo kalembedweka amakatchula mwachidule kuti BLUF. Atolankhani nawo amatero: chimene chachitika chimakhala m'ndime yoyamba, tsatanetsatane pambuyo.

Tsono mphunzitsi wamkulu uja angaikonze bwanji kalata yake?

Ntchito siyambira pa kufufuta mawu. Imayambira pa funso limodzi: wolandirayu akamaliza kuwerenga achite chiyani? Yankho liyenera kukhala chinthu chogwirika, monga kuvomereza, kusaina, kutumiza kapena kubwera. Mawu ngati "mutiganizire" kapena "muonepo chochita" amamveka aulemu, koma amamusiyira wolandirayo ntchito yopeka yekha chimene chikufunidwa, ndipo munthu wotanganidwa sapeka.

Mphunzitsiyo akaiwerenganso kalata yake ndi cholembera m'manja, n'kumadula mzere pansi paliponse pamene wapempha kanthu, apeza kuti wapempha zinthu zinayi. Akufuna malata, akufuna mabuku a Sitandade 8, wadandaula za mjigo umene udawonongeka chaka chatha, komanso waitana mkuluyo ku mwambo wotsekera teremu. Apa mpamene pali msampha waukulu. Munthu akalandira mapempho anayi m'kalata imodzi amasankha losavuta. Ayankha kuti ku mwambowo adzabwera, mtima wake ukhala pansi kuti wayankha kalata, malata aiwalika. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi?

Losankhidwa likhale limene silingadikire. Mabuku ndi mjigo zidzakhala ndi makalata akeake, tsiku lina, chilichonse ndi mutu wake. Kutero kumathandizanso kuofesiko, chifukwa nkhani ya mjigo mwina ili m'manja mwa munthu wina, ndipo kalata ya mjigo wokhawokha ndi yosavuta kumupatsira.

Pempholo likapezeka lipatsidwe nambala ndi tsiku. "Malata" asanduke "malata 60", ndipo "mwamsanga" asanduke tsiku lenileni. Mawu oti mwamsanga aliyense amawamva mwake: kwa mphunzitsi amene ana ake akunyowa ndi mawa, kwa wa muofesi ndi mwezi uno. Tsikulo likhalenso ndi chifukwa chake, kuti lisaoneke ngati wamng'ono akulamula wamkulu.

Chovuta kwambiri kwa olemba ambiri ndi kutaya mbiri. Kalata yoyamba ija idafotokoza chaka chimene sukulu idamangidwa, maina a amene adabwera ku msonkhano wa makolo, mkangano wa pakati pa komiti ndi mmisiri wakale, ndiponso mmene mphepoyo idawombera usikuwo. Zonsezo n'zoona, ndipo kwa wolembayo zikuoneka zofunika chifukwa adavutika nazo. Muyezo wake ndi uwu: chiganizo chilichonse chifunsidwe ngati wolandirayo angalephere kupanga chiganizo popanda icho. Chiwerengero cha ana okhudzidwa chipambana mayesowa. Mkangano ndi mmisiri ulephera. Zithunzi za denga ndi kotesheni ya kusitolo ziphatikizidwe ngati mafayilo, koma zitchulidwe m'kalatamo kuti ziliko. Zithunzizo zisachuluke, chifukwa Gmail salola mafayilo opitirira 25 MB kuphatikizidwa pa uthenga umodzi, komanso wolandirayo mwina akutsegula ndi bandulo yake.

Zikatero, kalata ya ndime zisanu ndi zitatu ija itsala motere.

Pa `Subject`: Pempho la malata 60, yankho pofika pa 14 Novembala

"Bambo, ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti bungwe lanu livomereze kutigulira malata 60 a makalasi awiri amene denga lake lidasasuka ndi mphepo pa 3 Novembala. Tingathokoze mutatiyankha pofika Lachisanu pa 14 Novembala, chifukwa mmisiri wavomera kuyamba ntchito Lolemba lotsatira.

"Ana 180 a Sitandade 3 ndi 4 akuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo mvula ikagwa timawaweretsa. Makolo asonkha kale ndalama za misomali ndi za mmisiri. Ndaphatikiza kotesheni ndi zithunzi zitatu. Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu la nthawi zonse."

Moni sadachoke, wangofupika kukhala chiganizo chimodzi. Ulemu uli m'mawu oti "ndikupempha" ndi "tingathokoze", ndipo wolandirayo angathe kuyankha ndi mzere umodzi ali m'galimoto. Mfundo ya makolo osonkha ndalama yatsala dala: imayankhiratu funso limene mabungwe amakonda kufunsa, loti nanga eni dera achitapo chiyani. Kalatayo ikhale m'Chingerezi kapena m'Chichewa, dongosolo lake ndi lomweli.

Pali njira yophweka yodziwira ngati ntchito yatheka. Wolembayo apatse mnzake wosadziwa nkhaniyo mutu ndi ziganizo zitatu zoyamba zokha, n'kumufunsa kuti akupemphedwa chiyani ndipo pofika liti. Akadodoma, pempho likadabisalabe.

Kalata yabwino imathanso kufera pa mzere wa `To`. Maina asanu akaikidwa pamenepo, aliyense amaganiza kuti ayankha ndi mnzake. Pa `To` pakhale munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yovomereza, ena ongofunika kudziwa apite pa `Cc`. Chimodzimodzi chizolowezi choyankhira pa imelo yakale kuti munthu asavutike kufuna adiresi: pempho la malata limafika ndi mutu woti `Re:` wa nkhani ya chaka chatha, ndipo limaoneka ngati zinthu zothaitha.

Sikuti uthenga uliwonse ungayambe ndi pempho. Wolembera munthu amene sadakumanepo naye ayenera kudzitchula kaye m'chiganizo chimodzi, kuti ndi ndani ndipo akulemba kuchokera kuti, apo ayi kalatayo imafanana ndi ya akathyali opempha ndalama. Uthenga wa maliro kapena wopepesa pa cholakwa nawo sufuna changu chotere. Ndipo ngati wolembayo walephera kuika pempho lake m'chiganizo chimodzi atayesa kawiri katatu, kawirikawiri ndiye kuti iye mwini, kapena komiti yake, sadagwirizane chimene akufuna. Pamenepo komiti iyambe yakumana, imelo idikire.