Lamulo la Ngongole Lizikhala Kuti mu Pulogalamu?

M'magulu ambiri a banki nkhonde muli lamulo lakuti membala asabwereke ndalama zoposa katatu masheya ake. Amene waponya K20,000 angathe kutenga ngongole yosapitirira K60,000. Gulu likamasunga kaundula m'kope, lamuloli limakhala m'mitu ya mamembala. Koma kaundulayo akalowa m'kompyuta, wolemba pulogalamu amayenera kusankha malo enieni olembapo lamulolo, ndipo pa nkhani imeneyi akatswiri amasiyana maganizo.

Mapulogalamu ambiri amamangidwa ndi tizigawo totchedwa maobujekiti. Obujekiti iliyonse imaimira chinthu chenicheni cha pa ntchitoyo, monga membala, ngongole kapena gulu. Njira yoyamba ndi yakuti obujekiti ya membala izingosunga manambala basi:

```java
class Membala {
    int masheya;
    int ngongole;
}
```

Apa membala sadziwa lamulo lililonse. Malamulo onse amalembedwa m'chigawo china, chomwe nthawi zambiri chimatchedwa sevisi. Sevisiyo imatenga masheya, n'kuchulukitsa katatu, n'kuyerekeza ndi ndalama zopemphedwa, kenaka n'kulemba ngongole. M'chaka cha 2003, Martin Fowler, katswiri wa ku Britain, anadzudzula kamangidwe kotereka ponena kuti n'koperewera magazi. Dandaulo lake linali lakuti maobujekitiwo ali ndi mayina a zinthu zenizeni koma sagwira ntchito iliyonse, pomwe cholinga cha maobujekiti n'chakuti manambala ndi zochita zake zizikhala pamodzi.

Vuto silioneka tsiku loyamba. Limadza pulogalamu ikamakula. Tiyerekeze kuti patapita nthawi, wolemba wina wawonjezera njira yopemphera ngongole pa foni. Iye sakudziwa kuti lamulo la katatu lili mu sevisi ina, choncho akungolemba `m.ngongole = 90000`, ndipo kompyuta sikana. Mayi wa masheya a K20,000 watenga K90,000, kupyola malire ndi K30,000, ndipo zidzadziwika mochedwa, mwina pa tsiku logawana. Ngakhale wolembayo atakumbukira n'kukopera lamulolo, ndiye kuti tsopano lili pawiri. Gulu likadzagwirizana zotsitsa malire kufika pa kawiri, wina adzakonza pamodzi n'kuiwala penapo.

Njira yachiwiri imatsekera manambalawo m'kati, n'kusiya khomo limodzi lokha:

```java
class Membala {
    private int masheya;
    private int ngongole;

    void bwereka(int ndalama) {
        if (ndalama <= 0 || ngongole + ndalama > 3 * masheya)
            throw new IllegalArgumentException();
        ngongole += ndalama;
    }
}
```

Mawu akuti `private` akutanthauza kuti chigawo china sichingakhudze ngongole mwachindunji. Kaya pempho lachokera pa foni kapena pa kompyuta ya mlembi, liyenera kudzera pa `bwereka`. Pempho la K90,000 likanidwa pomwepo. Mayi uja akakhala kale ndi ngongole ya K40,000 n'kupempha K25,000, akanidwanso, chifukwa zonse pamodzi ndi K65,000. Malire akasintha, pokonza ndi pamzere umodzi.

Sevisi siithetsedwa ayi, koma ntchito yake imachepa: kupeza membala m'nkhokwe ya kompyuta, kumuuza kuti abwereke, ndi kusunga zotsatira. Eric Evans, m'buku lake la Domain-Driven Design la 2003, analangiza kuti chigawo chotere chizingoyendetsa ntchito, osasunga malamulo a bizinesi.

Kuti mudziwe ngati pulogalamu yaperewera magazi, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, maobujekiti odzaza ndi `getNgongole` ndi `setNgongole` popanda mneni wa ntchito yeniyeni monga kubwereka kapena kubweza. Chachiwiri, mzere womwewo wa `if` ukupezeka m'mafayilo angapo.

Komabe si lamulo lililonse limene malo ake ndi mwa membala. Lakuti ngongole isapose ndalama zimene zili m'bokosi limakhudza gulu lonse, ndiye liyenera kukhala mu obujekiti ya gulu. Kuthira zonse mwa membala kumangobala obujekiti yaikulu yovuta kukonza. Komanso `private` sateteza nkhokwe yosungiramo manambala: munthu wosintha ngongole m'nkhokwemo mwachindunji walambalala `bwereka`.

Ndipo pali ntchito zina zosafuna zonsezi. Pulogalamu yongolemba mayina ndi midzi ya mamembala ilibe malamulo oti atetezedwe, choncho maobujekiti ongosunga zinthu ndi okwanira. Fowler yemweyo, m'buku lake la 2002, anavomereza kuti pa ntchito zosavuta, kulemba ndondomeko imodzi yoyenda kuyambira koyamba mpaka kumapeto n'kokwanira. Chofunika kuwerenga musanasankhe ndi kuchuluka kwa malamulo, komanso kuchuluka kwa malo m'pulogalamu amene angasinthe nambala imodzimodziyo.